Jezi ya United pa chithunzi: ndi orijino kapena feki?

"Munthu wina akugulitsa jezi yofiira ya Manchester United ya 2023/24 pa WhatsApp, akuti ndi orijino. Wanditumizira zithunzi zitatu zakutsogolo basi. Ndiyang'ane chiyani ndisanatumize ndalama?"

Achimwene, zithunzi zakutsogolo sizikuthandizani, chifukwa opanga feki amalimbikira kukongoletsa kunjako. Muuzeni aitembenuze jeziyo, ajambule kuseri kwa baji ali panja masana, foni ataiyandikiza ngati chikhatho chimodzi.

Koma dziwani kaye kuti adidas inapanga jezi zenizeni za mitundu iwiri. Ya ochemerera imalembedwa AEROREADY m'munsi, ndipo baji yake ndi yosokerera. Ya osewera imalembedwa HEAT.RDY, baji yake ndi yopyapyala, yomata ndi moto, kuseri kulibe ulusi olo umodzi. Mukaona HEAT.RDY koma baji ili yosokedwa, nkhani yathera pomwepo.

Pa ya AEROREADY, kuseri kwa baji muyenera kuona msoko waudongo wotsatira m'mphepete mwake, nsalu ili chigonere. Feki imaonetsa ulusi wopiringizana, nyenyeswa zoyera zonga pepala zomwe amaikira kuti makina asoke bwino, ndi nsalu yokwinyika mozungulira ngati pakamwa pa thumba lomanga. Kenako kuzani chithunzi chakutsogolo. Zilembo za MANCHESTER zikhale zofanana msinkhu, popanda kaulusi kodumpha kuchoka pa chilembo china kupita pa chinzake. Foloko ya kasatana ka pa baji kaja ioneke mano atatu osiyana bwino, osati chibuluma. Apa ndi pomwe feki zambiri zimagwa, choncho musathamange.

Nsalu ndi yovutirapo pa chithunzi, makamaka poti WhatsApp imachepetsa zithunzi. Apempheni atumize ngati dokumenti, nsaluyo ataitambasula poyang'anizana ndi kuwala. Yeniyeni imakhala yolukana mofanana ponseponse ndipo siiwala kwambiri. Yonyezimira ngati pulasitiki ikayikireni, koma pa nsalu pokha musagamule.

Pakhosi, zolemba za saizi ndi zodinda. Zenizeni ndi zopyapyala, zili pakatikati, tizilembo ting'onoting'ono tikuwerengeka. Za feki zimanenepa, inki kusefukira mpaka "a" ndi "e" kutsekeka mimba, nthawi zina n'kupendekeka. Chenjerani ndi jezi ya pa kaunjika: yeniyeni yochapidwachapidwa imafufuta ndi kusweka pakhosipo, si umboni wa feki ayi.

Pomaliza, ajambulenso kalebulo kakang'ono ka mkati komwe kali ndi nambala ya katunduyo, zilembo ziwiri ndi manambala anayi. Pa jezi yofiira ya amuna akuluakulu ya manja aafupi ya AEROREADY imeneyi mpofunika IP1726. Ilembeni pa Google. Pakatuluka jezi ya timu ina, ndi feki, poti opangawo amasoka lebulo imodzi pa majezi ambirimbiri. Ikagwirizana musadalire yokhayo, nambala amakoperanso. Baji ndi pakhosi zivomerezenso. Wogulitsa akakana kutembenuza jezi, ndalama yanu isachoke m'foni.