Nyimbo zikumveka koma anzanu sakukumvani: nkhani ili pa waya wachinayi

"Ndine kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Foni yanga yakale ya Itel inali ndi bowo la mahedifoni, ndipo ndinkalankhula ndi anthu foni ili m'thumba. Mlamu wanga wanditumizira Samsung kuchokera ku Joni yomwe ilibe bowolo, choncho ndinagula adaputala yotchipa ku Luchenza. Nyimbo zikumveka bwinobwino, koma anthu akandiimbira akuti ndikumveka ngati ndili m'chitsime. Nthawi ya chiperoni foni ndimaikulunga m'jumbo. Kodi yafa ndi foni, mahedifoni, kapena ndagula chinthu chabodza?"

A Kapitawo, ndikukhulupirira kuti foni yanu ili bwino ndipo mahedifoni anu sanafe. Mawu a m'chitsime amene anzanu akumvawo akutoledwa ndi maikolofoni ya foni yeniyeniyo, ili m'jumbo mkati mwa thumba, chifukwa adaputala sinaiuze foni kuti pa chingwe pali maikolofoni ina. Foni ikapanda kupeza maikolofoni ya kunja siidandaula kapena kulemba uthenga uliwonse, imangopitiriza kugwiritsa ntchito yake, ndipo ichi ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri, poti theka la ntchito likuyenda.

Tengani pulagi ya mahedifoni anu, kachitsulo kaja ka mamilimita 3.5, muiyang'ane pa kuwala. Muona timizere takuda kapena toyera tozungulira chitsulocho. Timizereti ndi pulasitiki yogawa chitsulo m'zigawo kuti magetsi asadutse kuchoka pa china kupita pa chinzake. Timizere tikakhala tiwiri, zigawo ndi zitatu: kunsonga ndi khutu la kumanzere, pakati ndi khutu la kumanja, ndipo kutsinde ndi waya wobwezera magetsi umene makutu onse awiri amagawana. Pulagi yotere, imene pa mapaketi amalemba kuti TRS, ilibe malo a maikolofoni. Timizere tikakhala titatu, zigawo ndi zinayi, ndipo chachinayicho ndiye njira ya mawu anu. Imeneyi ndi TRRS, ndipo popeza munkalankhulira pa mahedifoniwa kale, ndikudziwa kuti yanu ndi yotereyi.

Pa bowo la foni yakale ija munali tizitsulo tinayi, kalikonse kokhudza chigawo chake cha pulagi, ndipo kuseri kwake opanga foni anali ataikamo kale zonse zofunika. Ntchito zake ndi ziwiri zosiyana. Nyimbo mu foni zimasungidwa ngati manambala, choncho pamafunika kachipangizo kosandutsa manambalawo kukhala magetsi ogwedeza timasipika ta m'makutu, ndipo dzina lake pa mapaketi ndi DAC. Mawu anu amayenda njira yobwerera: maikolofoni imawasandutsa magetsi ofooka kwambiri, amene ayenera kukwezedwa kenako kusandutsidwa manambala ndi kachipangizo kena kotchedwa ADC. Palinso chachitatu chimene anthu sachiganizira. Kamaikolofoni ka pa chingwe sikagwira ntchito kopanda kudyetsedwa magetsi pang'ono, pafupifupi mavoliti 2, amene amadutsa pa waya wachinayi womwewo. Bowo la foni linkachita zonsezi mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake munthu unkangosomeka n'kuyamba kulankhula.

Makampani atayamba kuchotsa bowoli, makamaka kuchokera pamene Apple inatulutsa iPhone 7 m'chaka cha 2016, ntchito ija inasamutsidwira kunja kwa foni, ndipo wopanga adaputala aliyense anatsala ndi ufulu wosankha zoikamo ndi zosiya. Maadaputala a USB-C, osomeka pa bowo lotchajira, alipo a mitundu iwiri. Ena ndi mawaya chabe, opanda kachipangizo kalikonse, ndipo amadalira kuti foniyo itulutse mawu okonzeka kale kudzera pa bowo lotchajira. Mafoni ambiri a Samsung opanda bowo la mahedifoni, pamodzi ndi a Google Pixel, sachita zimenezi, moti mukasomeka adaputala ya mtundu umenewu simumva kanthu, kapena foni imalemba kuti chipangizocho sichilandiridwa. Mtundu wachiwiri uli ndi kachipangizo kake mkati mwa mutu umene umalowa mu foni.

Mfundo imeneyi ikutithandiza kale pa nkhani yanu. Popeza nyimbo zikumveka pa Samsung yanu, adaputalayo ili ndi DAC, ndiye si mawaya okha. Chimene ikusowa ndi mbali yobwerera. Wopanga amene akufuna kutsitsa mtengo amadziwa kuti wogula amayesa katundu pomvera nyimbo kwa kamphindi pa benchi, choncho amaika zokwanira kuti nyimbo zimveke basi. Mwina kachipangizoko kalibe ADC, mwina m'bowo la adaputala muli tizitsulo titatu m'malo mwa tinayi, mwinanso tizitsulo tilipo tinayi koma waya wa chachinayi sanaulumikize kulikonse. Ndinang'ambapo ina imene ndinagula pa msika wina kuno ku Mulanje, yomwe pa paketi yake panali chithunzi cha munthu akulankhula pa foni, ndipo m'kachingwe kake ndinapezamo timawaya titatu tokha, topyapyala ngati ulusi wosokera. Pa njira zonse zitatuzi chimachitika ndi chimodzi mwa ziwiri izi: adaputala ikasomekedwa imadzidziwitsa kwa foni ngati chotulutsa mawu chokha, kapena imanena kuti maikolofoni ilipo pamene palibe chimene chikufikako. Zikakhala zachiwirizi anzanu sakanamva chilichonse, koma inu akukumvani patali, ndiye ndikuganiza kuti yanu ndi yoyambayo.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani nokha, ndipo sizitenga mphindi zisanu. Ngati Itel ija ikadalipo, somekani mahedifoni mwachindunji, mujambule mawu, mumve ngati maikolofoni yake ikadali yamoyo, chifukwa chingwe chimene chakhala chikunyowa ndi mame a m'munda chimatha kuduka mkati pafupi ndi pulagi. Kenako bwererani ku Samsung ndi adaputala, mutsegule pojambulira mawu, foni muiike patebulo, ndipo musalankhule. Palani ndi chikhadabo pa kabowo ka maikolofoni ya pa chingwe katatu, mudikire pang'ono, kenako mupale katatu kunsi kwa foni pafupi ndi potchajira. Mukamvetsera zomwe mwajambula, kupala kumene kwamveka mokweza ngati bingu kukuuzani maikolofoni imene ikugwira ntchito. Ndimakonda njira imeneyi kuposa kulankhula, chifukwa m'chipinda chopanda phokoso maikolofoni ya foni imatola mawu bwino ndithu ngakhale ili patali, ndipo munthu umanyengeka n'kuganiza kuti adaputala ili bwino. Bwerezani kuyesaku poimbira munthu foni yeniyeni komanso pa WhatsApp, popeza mapulogalamu ena ojambulira amasankha maikolofoni ya foni ngakhale ya kunja ilipo.

Kabatani ka pa chingwe nakonso ndi mboni yabwino. Kamagwira ntchito polumikiza waya wa maikolofoni ndi waya wobwezera uja, ndipo foni ikaona kusinthako imaimitsa nyimbo kapena kuyankha foni. Ngati mukudina kabataniko nyimbo n'kumangopitirira, ndi chizindikiro champhamvu chakuti waya wachinayi sukufika kulikonse.

Pali vuto lina lofanana nalo limene ndiyenera kulitchula mwachidule kuti musalisokoneze ndi lanu. Mapulagi a zigawo zinayi anapangidwa m'madongosolo awiri. Pa CTIA, limene mafoni ambiri a masiku ano amatsata, maikolofoni ili kutsinde ndipo waya wobwezera uli pa chigawo chachitatu, pamene pa OMTP, la mafoni akale a Nokia ndi ena, ziwirizi n'zosinthana. Zikasemphana, nyimbo zimamveka zopyapyala, woimba ngati ali kutsidya kwa Ruo, ndipo zimakhala bwino pokhapokha mutadina kabatani osakasiya. Pulagi yosalowa mpaka kumapeto imachitanso chimodzimodzi, choncho ikankheni mpaka mumve kuti yagwira. Koma inu mwati nyimbo zili bwinobwino, ndiye vutoli si lanu.

Adaputala imene muli nayoyi singakonzedwe. Palibe pulogalamu yoti muike mu foni kapena posintha penapake pamene pangabweretse kachipangizo kamene sanaikemo, ndipo wokonza mafoni akakuuzani kuti foni ikufunika kufulasha chifukwa cha vutoli, ndalama zanu musapereke. Isungeni yomvera nyimbo, mugule ina yolankhulira. Popita kukagula nyamulani foni ndi mahedifoni omwewo, ndipo mupemphe kuyesa ndi chikhadabo pomwepo musanalipire. Mawu akuti DAC pa paketi akungolonjeza za kumva, sakunena kanthu za kulankhula. Fufuzani akuti TRRS kapena mic, komabe mudziwe kuti kusindikiza mawu pa paketi n'kotchipa kuposa kuika waya. Samsung ndi Apple amapanga maadaputala awo a USB-C amene amadutsitsa maikolofoni, koma ofanizira ndi ochuluka ndipo maonekedwe ake ndi amodzi, choncho ngakhale dzina likhale lodziwika, kuyesa kusalephereke. Chenjeraninso ndi aja a mphanda, okhala ndi potchajira ndi pa mahedifoni pamodzi, chifukwa pa amene ndayesapo, otchipa a mtundu umenewu ndiwo amasowa maikolofoni kawirikawiri.

Mukandifunsa chimene chili chabwino pakati pa bowo ndi adaputala kwa munthu wa ntchito ngati yanu, ndisankha bowo mosakayika. Adaputala yabwino imatha kutulutsa mawu okoma mofanana ndi bowo, nthawi zina kuposa la foni yotchipa, ndiye nkhani si kukoma kwa nyimbo. Nkhani ndi yakuti adaputala imakhala pa bowo lotchajira, ndipo munthu woyendayenda m'mizere ya tiyi tsiku lonse foni ili m'thumba amaipinda ndi kuigwedeza mpaka bowolo kuyamba kukhwepa, pamene kukonzetsa potchajira kumatha kukhala kodula kuposa mahedifoni ndi adaputala pamodzi. Magetsi akabwera kwa maola ochepa, simungatchaje uku mukumvera. Ndiponso wailesi ya FM pa mafoni imagwiritsa ntchito chingwe cha mahedifoni ngati mlongoti kudzera pa bowo lija, ndipo adaputala yokhala ndi kachipangizo nthawi zambiri siidutsitsa zimenezo, chinthu chimene chimapweteka munthu wozolowera kumvera MBC kapena Zodiak osawononga bandulo.

Popeza foni ndi mphatso ndipo muli nayo kale, njira imene ndingakulangizeni kuposa adaputala yachiwiri ndi mahedifoni okhala ndi mutu wa USB-C womwe uli ndi kachipangizo kake, chifukwa pamenepo maikolofoni ndi kachipangizo anazipangira pamodzi, ndipo malo olumikizira amene chinyezi chingalowepo achepa ndi amodzi. Nawonso alipo a mawaya okha amene Samsung yanu ingawakane, choncho muwayese pa benchi pomwepo. Poika foni m'thumba, mutu wa chingwe uziloza kumwamba kuti usamapindike pansi pa thumba, ndipo pakamwa pa jumbo muzipindira pansi kuti madzi otsika ndi chingwe asalowe potchajira.