Insulini popanda firiji, kwathu timasunga mumphika

"Moni nonse. Amayi anga ayamba kubaya insulini mwezi uno, kuchipatala atipatsa mabotolo awiri nkunena kuti tizisunga mufiriji. Ife kuno ku Bangwe firiji tilibe, a neba ali nayo koma magetsi ndiye mukudziwa, akumazima tsiku lonse. Ndi dzuwa la Okutobalali mankhwalawa sawonongeka? Titani abale?"

Achemwali mtima m'malo, mwana wanga wakhala akubaya insulini ya matenda a shuga zaka 6 tsopano ndipo pakhomo panga pano ku Chilomoni firiji sinalowepo. Botolo lomwe amayi ayamba kale kubayira silifuna firiji. Pepala la mkati mwa kabokosi limanena kuti botolo losatsegula lizikhala pa madigiri 2 mpaka 8, koma lotsegula limatha kukhala panja masabata 4 bola malowo asapitirire madigiri 30, mitundu ina amalemba masabata 6 ngati sipakupitirira 25. Ndiye musataye kapepalako, werengani zomwe alemba pa mtundu wanuwo. Ntchito yanu yeniyeni ndi kupeza malo m'nyumbamo omwe safika 30 masana, basi. Mu Juni ndi Julaye kuno ku Blantyre, chiperoni chili pakati, palibe ndi vuto lomwe, pansi pa bedi pokha nkokwanira. Nkhani ili pa Okutobala ndi Novembala, makamaka nyumba zathu zamalata zopanda siling'izi, m'katimo mumatentha kuposa panja.

Ife timachita chonchi. Pezani miphika yadothi iwiri, waukulu ndi waung'ono woti ulowe mwa unzakewo nkutsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu mbali zonse. Ikhale yadothi lenileni yosapaka penti kapena vanishi, komanso yatsopano, osati yomwe mwakhala mukuphikira nyemba chifukwa mafuta ndi mwaye zimatseka timabowo tomwe madzi amatulukira. Pogula thiranimo madzi mudikire pang'ono, ngati kunja kwake kwayamba kuchita thukuta ndiye mphika womwewo. Pansi pa waukuluwo thirani mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, khazikanipo waung'onowo mpaka milomo ilingane, mpata wonse wa m'mbali mudzaze mchenga, kenako muthire madzi pang'onopang'ono mpaka mchenga ukhute. Pamwamba vundikirani ndi kansalu konyowa, ine ndimagwiritsa ntchito chitenje chakale chopinda kanayi.

Chomwe chimaziziritsa si madziwo ayi, ndi kuuma kwa madziwo. Ndi zomwe zija mukatuluka kubafa osadzipukuta kamphepo nkukuombani mumamva kuzizira. Ndiye mphika ukufuna mthunzi komanso mpweya woyenda. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amautsekera mukabati kapena kuukulunga ndi jumbo kuti madzi asathe msanga, pamenepo mwaupha, wangosanduka mphika wamba. Uikeni pansi pasimenti, mbali ya nyumba yomwe dzuwa la masana silimenya, kutali ndi mbaula, ndipo mukaukweza pa njerwa zitatu kuti mphepo izidutsa kunsi zimakhala bwino kwambiri. Madzi timathira m'mawa ndi madzulo, kukatentha kwambiri timawonjezera masana. Kapu imodzi kapena ziwiri zimakwana, ndiye ngakhale pampopi pakauma musadandaule, koma mchenga ukauma gwa dziwani kuti palibe chikuchitika.

Insuliniyo isakhudze madzi. Ndaonapo anthu akuponya botolo mumtsuko wamadzi akumwa kuti liziyandama, chonde ayi. Pepala la pabotolo limamatuka ndiye simudziwanso kuti ili ndi liti, tsiku lothera ntchito lafufutika, komanso karabala ka pamwamba paja mumabayapo singano tsiku ndi tsiku, kakamakhala m'madzi tizilombo timalowa nkukatupitsa pamalo pobayapo. Ikani mabotolowo mu kabotolo kapulasitiki kotseka bwino, ka chiponde kotsuka nkuumitsa kamakwana, kenako kabotoloko ndi komwe kalowe mumphika waung'ono wouma uja.

Ndinagula kathemomita kotchipa ku famase nkumayeza ndekha. Tsiku lina mu Okutobala cha m'ma 2 koloko masana pabalaza pamawerenga 33, mumphika 25. Koma mu Januwale mvula ili mkati kusiyana kwake kunali madigiri awiri kapena atatu okha, chifukwa mpweya ukakhala wachinyezi madzi sauma msanga. Mwayi wake nthawi imeneyo kunja sikutenthanso ngati Okutobala. Ngati amayi amapita kukacheza ku Chikwawa kapena ku Nsanje ndiye ndi nkhani ina, kumeneko kumafika 40, mphika ukhale woyamba kukonzedwa asanakhale nkomwe pansi.

Chinandikhazika mtima pansi ine ndi kafukufuku yemwe a bungwe la madokotala la MSF anachita ndi yunivesite ya Geneva, zotsatira zinatuluka mu 2021. Anayeza kutentha m'nyumba ya pa msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, anapeza kuti kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 usiku ndi 37 masana, ndiye anasunga insulini pa kutentha kosinthasintha komweko kwa masabata 4 ndipo mphamvu yake inali yosasiyana kwenikweni ndi yomwe inali mufiriji. Sindikunena kuti muzingoisiya paliponse, koma ngati mwaiwala kuthira madzi tsiku limodzi musalire kuti mankhwala apita.

Tsopano firiji ya a nebayo, apa ndi pomwe ine ndinapsa. Magetsi kuzima maola angapo si vuto lalikulu, firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira ndipo insulini sifa chifukwa yafunda pang'ono. Choopsa ndi kuundana. Insulini ikangochita ayisi kamodzi yatha, ngakhale isungunuke nkumaoneka bwinobwino. Ine ndinasungitsa botolo latsopano kwa munthu wina wogulitsa zibwente, iye poti magetsi akuvuta anapotokola firiji mpaka kumapeto kuti akangobwera zinthu ziundane msanga, botolo langa linatsamira khoma lakumbuyo. Nditapita kukalitenga ndinapeza lili gwa ngati mwala. Ndiye ngati mukufuna kusungitsa botolo lachiwiri lomwe simunatsegule, lisalowe mu dipu firiza ngakhale pang'ono, likhale pa shelefu yapakati kapena mu kabati ka masamba kapansi kaja, mu kabokosi kake, osagunda khoma lakumbuyo. Ngati a neba ali ndi dipu firiza yokha, mphika wanu ndi wabwino kuposa. Chimodzimodzi kula bokosi, botolo lisagone pa ayisi, pakhale nsalu yochindikala pakati.

China chomwe kuchipatala sakhala ndi nthawi yofotokoza bwino ndi masiku. Tsiku lomwe mwabaya singano koyamba pa botolo, lembani deti pa kabokosi ndi bolopeni. Botolo la mamililita 10 limakhala ndi mayuniti 1000. Mwana wanga amabaya ya ngati mkaka ija, ena amati lente, mayuniti 20 m'mawa ndi 10 madzulo, ndiye 30 patsiku, botolo limatha m'masiku 33, zikungogwirizana ndi mwezi, palibe chodandaula. Koma ya ngati madzi ija, solubo, amabaya 6 m'mawa 6 madzulo, 12 patsiku. Pa masiku 28 wagwiritsa mayuniti 336 okha, m'botolo mwatsala 664, ukaliyang'ana ngati langoyambidwa kumene ndipo kuti lithe lingatenge masiku 83. Botolo limeneli ndi lomwe limafooka mwakachetechete, mtima umawawa kulisiya poti mankhwalawa sapezeka mwachisawawa. Zomwe ndimachita ine, mwezi ukamakwana ndimawauza a nesi kukiliniki deti yomwe ndinatsegula kuti andipatse lina. Koma musataye lakale musanagwire latsopano m'manja, insulini yofooka pang'ono ndi yabwino kuposa kukhala osabaya. Ngati mabotolo awiri anuwo ndi a mtundu umodzi, malizani limodzi kaye, musatsegule onse.

Kuti mudziwe ngati yawonongeka yambani ndi maso, liyang'aneni powala musanakoke. Ya ngati madzi izikhala mbee ngati madzi a pampopi, ikachita mbuu kapena mukaona tinthu tikuyandama kapena yasintha mtundu, isiyeni. Ya ngati mkaka imadikha pansi, zimenezo nzabwinobwino, mumaigubuduza pakati pa zikhatho kangapo osaikhutchumula ngati Sobo, ndipo iyenera kusakanikirana yonse mofanana. Ngati mwatsala timibulu tosasungunuka kapena zoyera zakakamira pagalasi, yatha imeneyo.

Vuto ndi loti nthawi zina imafooka koma ikuoneka bwino, ndiye mboni yeniyeni ndi kamakina koyezera shuga. Mwana wanga m'mawa asanadye amakhala cha m'ma 120 mpaka 140. Ulendo wina anayamba kumawerenga 230, mawa lake 260, mkuja 250, chakudya chomwecho, nsima yomweyo, sakudwala malungo kapena chifuwa, usiku akudzuka katatu kukakodza. Nditayang'ana pa kabokosi ndinapeza botolo lili pa sabata ya 9. Titasintha botolo, m'masiku awiri shuga anabwerera m'malo mwake. Zikatere chonde musawonjezere mayuniti panokha pofuna kulipira mphamvu yomwe yachepa. Mukazolowera kubaya ambiri ndi insulini yofooka, tsiku lomwe mwatsegula yatsopano mlingo womwewo ungawagwetse amayi, shuga kutsika mpaka kunjenjemera, thukuta, kukomoka kumene. Sinthani botolo kaye, mlingo asinthe ndi a kuchipatala. Ndipo ngati shuga wakwera kenako ayamba kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mwabefu kapena kungogonagona, musadikire tsiku la kiliniki, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, kaya pa helefi senta yapafupi kaya ku Gulupu.

Timapepala toyezera shuga tija musatiike mumphika, timadana ndi chinyezi, tikanyowa timanama. Tisiyeni mu kabotolo kake kotseka pamalo pouma.

Pomaliza penipeni, tsiku lokatenga mankhwala. Mabotolo ambiri amapsa panjira osati kunyumba, munthu waika m'thumba la malaya kapena mubra, kenako wakhala mu minibasi pa siteji ku Limbe ola lathunthu kudikira kuti idzaze, dzuwa likumenya pawindo, chikwama chili pamwamba pa injini kuseri kwa dalaivala. Ine ndimanyamula kabotolo kachiponde kaja, ndikalandira ndimatsekera momwemo, nkukulunga ndi kathaulo konyowa, nkuika mu basiketi osati mujumbo. Ndikafika kunyumba ndimayamba ndalowetsa mumphika ndisanavule ndi nsapato zomwe.