Kusandutsa fakitale yakale kukhala laibulale

"Kuno ku Kasungu atipatsa fakitale yakale yomwe ankasankhiramo ndi kudindiramo fodya kuti ikhale laibulale ya m'dera. Tiyambire pati, akuluakulu?"

Musayambe ndi penti, achimwene. Chimene chili cholimba m'nyumbamo, monga zipupa, mizati ndi zitsulo za denga, chisiyeni momwemo. Ndalama zipite ku zinthu zimene mabuku sagwirizana nazo: chinyezi, tizilombo ndi kutentha.

Pitani kaye ku khonsolo mukapemphe chilolezo chosintha ntchito ya nyumbayo, ndipo injiniya adzaone ming'alu ndi denga. Ngati malata ake ali a asibesitosi, otuwa okhala ngati simenti aja, musawaboole kapena kuwadula ndi galainda, chifukwa fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo. Amenewo achotse ndi odziwa ntchitoyo, atawanyowetsa, osawaswa.

Kenako yesani pansi. Fakitale zambiri zakale anathira konkire popanda pulasitiki kunsi, ndiye madzi a m'nthaka amakwera. Matani pulasitiki ya masentimita 45 mbali zonse pa simenti ndi tepi, ikhale tsiku lathunthu, makamaka m'Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati. Mukapeza thukuta kunsi kwake, yalani pulasitiki yokhuthala pansi ponse n'kuthiranso konkire pamwamba. Mukangoyeza mu Okutobala, pansi padzakunamizani. Chinyezi cha mumpweya chikamapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, mabuku amachita nkhungu, choncho mashelefu atalikirane ndi chipupa masentimita 10, ndipo shelefu yam'munsi ikwere masentimita 15. Mpata womwewo umakuthandizani kuona msanga njira za chiswe.

Poti munali fodya, pali mdani wina amene ambiri samuganizira. Kachilombo kofiirira ka m'fodya wouma, kotalika mamilimita awiri kapena atatu, kamadyanso guluu womatira mabuku. Mudzakazindikira ndi timabowo tozungulira kumsana kwa buku ndi ufa pashelefu. Sesani zinyenyeswa zonse, ngakhale za pamitanda ya denga, mutseke ming'alu, mupopere mankhwala buku lisanalowe n'limodzi lomwe.

Ngati muli kachipinda kam'mwamba ka matabwa, mabuku asakwereko. Mita imodzi ya mabuku imalemera makilogalamu 25 mpaka 30, ndiye shelefu ya mbali ziwiri, mizere isanu mbali iliyonse, ikufika makilogalamu 300 pa mita imodzi yokha. Kumwambako kukhale kowerengera basi.

Holoyo musaigawe ndi njerwa mpaka kudenga. Kutalika kwakeko n'kumene kumakweza mpweya wotentha kuti utulukire pamwamba. Malo a ana ndi ofesi muwapatule ndi matabwa omanga ndi mabawuti, ofika mamita awiri ndi theka, oti mawa mukhoza kuwasuntha. Malata oonekera ikani pamwamba pa matebulo okha, chifukwa dzuwa limasulutsa zikuto. Pachitseko chachikulu cholowera malole pakhale khomo la anthu, ndipo mutsegule lina mbali yina lothawira moto.