Bajeti ya mzere umodzi inandigonetsa ndi ngongole ya katapila

"Abale, gulu lathu la amayi lapeza bungwe lofuna kutithandiza, koma akuti titumize bajeti yoonetsa magawo, mtengo wa chinthu chimodzi, kuchuluka kwake ndi zonse pamodzi. Sindinalembepo. Ndiyambire pati? Kapena ndingolipira munthu andilembere?"

Achemwali, musalipire munthu. Ndikulemba izi mtima ukuwira, chifukwa ine ndinalipira, K40,000 yathunthu yosonkherana achinyamata a kalabu yathu, ndipo zomwe zinandichitikira sindimafunira ngakhale mdani.

Chinali chaka cha 2023, ifeyo tikufuna kuyambitsa nazale ya mitengo kwathu kuno ku Dedza. Tinapeza bambo wina wa pa boma, wa laputopu ndi jekete, amene aliyense ankati ndi katakwe pa mapulopozo. Anatilembera zonse usiku umodzi. Pa gawo la maphunziro anaika mzere umodzi wokha, maphunziro a anthu 30 kwa masiku atatu, K285,000. Basi. Ine monga mlembi ndinaona kuti nambalayo ndi yaikulu bwino, ndinasaina, tinatumiza. Opereka thandizo aja poona kuti ndi kandalama kochepa anangovomera.

Tsiku loyamba zonse zinayenda. Anthu anadya mpunga wa nkhuku, aliyense analandira K2,000 ya thiransipoti, tinajambula zithunzi. Madzulo ake ine ndi msungichuma tinakhala pa benchi kuseri kwa holo kuwerenga zotsala mu envulopu. Titapatula za aphunzitsi ndi za holo, munalibe kanthu. Tinawerenganso. Munalibe kanthu ndithu. Msungichuma anandiyang'ana ngati ndaba, inenso ndinamuyang'ana chimodzimodzi. Ndinaimbira bambo aja katatu osayankha, kachinayi anati ali pa maliro. Mmawa mwake ndinafika pa holo 6 koloko, mayi wophika atatsika kale pa kabaza ndi mapoto ake, akuti ndimupatse ya nkhuku apite kumsika. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono. Anadikira mpaka 10 koloko, kenako anayamba kulankhula mokweza, pakhomo penipeni pa holo, anthu 30 ali mkati akumva zonse, a gulupu nawonso ali momwemo pa mpando wa kutsogolo. Mayi wina wachikulire amene anachokera kutali anatuluka nkundifunsa mwaulemu kuti, "Mwanawanga, tiuzeni ngati kulibe chakudya tizipita kudakali kozizira." Mawu amenewo mpaka lero amandibwerera. Ndinakwera njinga kupita kwa munthu wa katapila, ndinasiya foni ngati chikole, ndipo zina ndinatapa pa ndalama ya machubu odzalamo mitengo.

Patapita sabata ndinawapeza bambo aja, ndipo anatulutsa kapepala komwe anawerengerapo. Chakudya anachulukitsa anthu 30 ndi K3,500 nkupeza K105,000. Thiransipoti anthu 30 ndi K2,000, K60,000. Za aphunzitsi ndi holo anawerengera masiku atatu bwinobwino, koma pa chakudya ndi thiransipoti anaiwala masikuwo. Anthu anawadyetsa tsiku limodzi pa maphunziro a masiku atatu! Ndiye ati chiyani? Ati, "Inunso mukanaona musanasaine." Ndikanaona bwanji poti zonse anaziunjika mu mzere umodzi? K40,000 ija sanabweze ngakhale tambala, ndipo ndikumva kuti akulemberabe magulu ena.

Ndiye tamverani mmene ndimalembera tsopano. Tsegulani Excel, kapena ngati mulibe kompyuta jambulani mizere pa pepala la hadikava ndi lula. Makolamu akhale asanu ndi awiri. Yoyamba ndi dzina la chinthu. Yachiwiri ndi muyezo wake, kutanthauza kuti mukuwerenga chiyani, munthu, tsiku, kilogalamu, ulendo kapena mwezi. Yachitatu ndi kuchuluka. Yachinayi ndi kangati, ndipo iyi ndi imene inandipha ine, musaisiye ngakhale pamene yankho lake ndi 1. Yachisanu mtengo wa chimodzi, yachisanu ndi chimodzi zonse pamodzi, yomaliza ndi ya mawu ofotokoza kumene mtengowo mwautenga. Ngati bungwelo limawerenga Chingerezi, mitu yake ndi mafomula zizioneka chonchi:

```
Item | Unit | Quantity | Frequency | Unit cost | Total | Notes
F5:  =C5*D5*E5
F9:  =SUM(F5:F8)
```

Mu kolamu ya zonse pamodzi, yomwe ndi F pamwambapa, musalembemo nambala ndi dzanja. Ikani fomula, kuti mukasintha anthu kuchoka pa 30 kufika 25 ndalama isinthe yokha.

Gawo la maphunziro lija likanalembedwa moyenera likanakhala mizere inayi. Chakudya cha masana, muyezo ndi munthu, anthu 30, masiku 3, K3,500, zonse K315,000. Thiransipoti, anthu 30, masiku 3, K2,000, zonse K180,000. Aphunzitsi awiri, masiku 3, K15,000 pa tsiku, K90,000. Holo imodzi, masiku 3, K10,000, K30,000. Pansi pake mzere wophatikiza gawo lonse, K615,000. Mwaona? Ife tinapempha K285,000, kuperewera K330,000 yonse, ndipo munthu aliyense wodziwa kuwerenga akanaona 1 pamalo pa 3 zikanakhala kuti zinalembedwa mzere ndi mzere.

Magawo musachulutse. Pa pulojekiti yaing'ono atatu kapena anayi akwana, ndipo mayina ake afanane ndi ntchito zomwe mwalemba mu pulopozo. Ngati mu pulopozo mwati muphunzitsa, mugula zipangizo, muziyendera, bajeti ikhalenso ndi maphunziro, zipangizo ndi kuyendera, mu ndondomeko yomweyo. Wowerenga amaika mapepala awiriwo pambali nkumayenda ndi chala. Akapeza wilibala mu bajeti pomwe mu pulopozo simunatchule za kututa dothi kapena manyowa, amafunsa. Akapeza anthu 40 uku ndi 30 uko, amayamba kukayikira zonse.

Kwa ife gawo la zipangizo linali machubu 10,000 pa K25 limodzi, K250,000. Makeni othirira 10 pa K8,000, K80,000. Mawilibala awiri pa K65,000, K130,000. Mbewu makilogalamu 5 pa K12,000, K60,000. Gawo lonse K520,000. Kuyendera kunali maulendo awiri a kabaza pa mwezi kwa miyezi 6 pa K10,000, K120,000, ndi mayunitsi a K5,000 pa mwezi, K30,000, pamodzi K150,000. Kuphatikiza magawo awiriwa ndi la maphunziro lolembedwa moyenera lija ndi K1,285,000. Mitengo imeneyi ndi ya nthawi imeneyo, musaikopere, lero mungaseketse anthu. Chenjezo limodzi pa kuphatikiza komalizaku: muphatikize mizere ya magawo yokha, K615,000 ndi K520,000 ndi K150,000. Mukangokoka SUM kuyambira pamwamba mpaka pansi, chilichonse chiwerengedwa kawiri, ndipo mudzapeza K2,570,000 nkumadabwa kuti yachokera kuti. Mukaona nambala yomaliza ili ndendende kuwirikiza kawiri zomwe mumayembekeza, vuto ndi limenelo.

Mitengo musalote. Pitani pa mashopu, pemphani kotesheni yolembedwa, ya chidindo, ndipo mufunse ngati msonkho wa VAT uli kale mkati. Nthawi yathu ija unali 16.5 peresenti, ndipo shopu ina inatiuza mtengo wopanda msonkho, tsiku logula nkuwonjezera. Mabungwe ambiri pa katundu wodula amafuna makotesheni atatu, afunseni malire awo. Mu kolamu yomaliza ija lembani mwachidule, monga kuti mtengo wachokera pa kotesheni ya mwezi wakuti, kapena kuti anthu 30 ndi mamembala a makalabu atatu. Timawu timeneti timakupulumutsani ku mafoni ambiri. Pamwamba pa pepala lembani dzina la gulu, dzina la pulojekiti, miyezi yomwe itenge, mtundu wa ndalama yomwe mukuwerengera, ndi tsiku lomwe mwalemba. Tsikulo si lokongoletsera ayi. Bajeti yathu tinalemba mu Juni, chigawo chachiwiri cha ndalama chinabwera Kwacha itagwetsedwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama ya mawilibala awiri sinakwanenso awiri. Ngati akufuna mu madola, lembaninso kuti mwasinthira pa mtengo wanji ndi wa tsiku liti. Afunseni ngati amalola mzere wa zogwa mwadzidzidzi. Ena amalola 5 peresenti, yomwe kwa ife ikanakhala K64,250, ena amakana kotheratu. Ndipo zomwe gulu lanu lipereke lokha, malo, mchenga, manja anu, ziikeni mu kolamu yapadera ndi mtengo wake, osazisakaniza ndi zomwe mukupempha.

Nkhani yanga sinathere pa holo paja. Pa nthawi ya lipoti, mayi wa za chuma wa bungwe lija anayala malisiti anga patebulo, nkuona kuti pa machubu ndagula 6,000 m'malo mwa 10,000, ndipo K100,000 yapita ku chakudya. Anandifunsa kalata yomwe anandiloleza kusuntha ndalama kuchoka gawo lina kupita lina. Ndinalibe. Ndinafotokoza za mayi wophika uja, za a gulupu, zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati ndalamayo ibwezedwe. Ananenanso kuti ndikanangowaimbira usiku womwe uja bwenzi atandithandiza. Mwina zoona, koma foni yawo ya ku ofesi ikakwana 5 koloko ndani amayankha? Komabe inuyo zikakuvutani, lembani uthenga kaye, ngakhale pa WhatsApp, musanakhudze ndalama ya gawo lina, ndipo yankho lawo mulisunge. Ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga kuti nditseke katapila ndi K100,000 ija.

Musakweze mitengo mwadala, amadziwa mtengo wa wilibala kuposa inu, ndipo akakugwirani pa mzere umodzi ena onse amawaona ngati bodza. Koma pa chakudya musaike anthu 30 ndendende. Aphunzitsi adya, a gulupu abwera ndi nduna yawo, wa zankhalango naye sangabwerere ndi njala. Ikani 35 ndipo mulembe mu kolamu yomaliza kuti asanu enawo ndi ndani. Mawu oti zina ndi zina musalembe paliponse, amawadula asanawerenge nkomwe.

Mukamaliza, tengani foni muwerengenso mzere uliwonse pa kakyuleta, chifukwa fomula nayo imaloza selo yolakwika nthawi zina. Kenako mupezeni munthu wodziwa za maakaunti, kaya ndi msungichuma wa kutchalitchi kaya mphunzitsi wa masamu, ayang'anemo. Akafuna ya fanta mupatseni, ngakhale K10,000 si yoipa, bola mukhale naye pompo, ndipo pa mzere uliwonse akuuzeni kuti nambalayi yachokera pati musanasaine. Ngati bungwelo lili ndi fomu yawoyawo ya bajeti, siyani makolamu angawa mugwiritse yawoyo, koma ikapanda kolamu ya kangati, lembani masikuwo mu dzina la chinthu, monga chakudya cha anthu 35 kwa masiku 3, ndipo pa kuchuluka muike 105.