Malikisi a sivi atsika: muyambe kuphunzira chiyani?

"Ndinamaliza dipuloma ya za akaunti. Ndinatenga chilengezo cha ntchito ya kalaliki wa zachuma chokhala ndi zofunika khumi, n'kuyesa sivi yanga: 2 pomwe ndili ndi umboni, 1 pomwe ndimangodziwako, 0 pomwe palibe. Ndapeza 9 pa 20. Ndilembetse kosi iti?"

Mchemwali, musathamangire kulipira kosi. Nambalayo ikungosonyeza kuti pali zoperewera, koma siikunena kuti ndi zamtundu wanji, ndipo zina mwa izo sizifuna kalasi n'komwe.

Chilengezo chimodzi n'chochepa, chifukwa kampani iliyonse ili ndi zokonda zake. Pezani zisanu za ntchito yomweyo. Papepala lembani chofunika chilichonse chomwe munapezapo 0 kapena 1, chilichonse pamzere wake, ndipo pambali pake mulembe kuti chatchulidwa m'zilengezo zingati. Muonetsenso ngati akuti n'chofunika ndithu kapena changokhala chowonjezera mwayi. Tiyerekeze kuti zatuluka motere: Excel yatchulidwa mu zonse zisanu, kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki mu zinayi, pulogalamu ya akaunti monga Sage kapena QuickBooks mu zitatu, zaka ziwiri pantchito mu ziwiri, ndipo laisensi yoyendetsera galimoto mu chimodzi. Laisensiyo ipite pansi pamndandanda pomwepo.

Kenako pa mzere uliwonse mudzifunse kuti, atandipatsa ntchitoyi lero popanda wondithandiza, ndingaimalize? Apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Mwina pamene munali pa ntchito yophunzirira munkalemba mainivoisi ndi kusunga malisiti tsiku ndi tsiku, koma pa sivi munangolemba kuti munathandizira mu ofesi. Luso mulinalo, chasowa ndi umboni papepala. Chimenechi chimatheka madzulo amodzi: lembani chomwe munkachita, kangati, ndiponso pogwiritsa ntchito chiyani. Zaka ziwiri zija nazonso zichotseni pamndandanda wa zophunzira, pakuti palibe kosi yogulitsa zaka. Zotsala, zomwe mwayankha kuti ayi moona mtima, ndizo zoperewera zenizeni.

Zimenezi muzilembe mwachindunji. Mzere wongoti "Excel" suthandiza, chifukwa simudzadziwa tsiku lomwe mwamaliza. Lembani kuti: kuphatikiza ndalama za kasitomala mmodzi pogwiritsa ntchito SUMIFS, kutenga mtengo patebulo lina ndi VLOOKUP, kutulutsa chidule cha mwezi ndi PivotTable. Mudzamva ena akutama XLOOKUP, ndipo ndi yabwinodi, koma mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, choncho ine ndimati yambani ndi VLOOKUP yomwe mudzaipeza mu ofesi iliyonse.

Tengani zoperewera ziwiri zokha, zomwe zatchulidwa kwambiri. Ngati mungapeze maola asanu pa sabata, masabata asanu ndi limodzi akupatsani maola 30. Masabata atatu oyamba akhale a Excel, otsalawo a kufananitsa mabuku, ndipo pa ola lililonse lowerenga kapena loonera phunziro muike maola awiri ochita nokha.

Kufananitsako ndikufuna mukuphunzire ndi manja, osati ndi maso. Pangani buku la ndalama la mwezi umodzi la mizere 40 ndi sitetimenti yake, ndipo mnzanu abisemo zosiyanitsa inu musakuona: cheke chomwe chinalembedwa koma sichinafike kubanki, ndalama zomwe banki yadula koma sizinalowe m'buku, ndi nambala yotembenuzidwa, monga 540 m'malo mwa 450. Chomalizachi chili ndi chizindikiro chake. Kusiyana kwake ndi 90, ndipo manambala awiri akasinthana malo, kusiyanako kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Mukapeza zonse zitatu osatsegula buku lophunzirira, mzerewo watsekedwa. Mukalephera, bwerezani ndi mwezi wina musanapite patsogolo, ngakhale kalendala yanu ikukuuzani kuti nthawi yatha.

Mudzadziwa kuti dongosolo lasokonekera mukaona kuti maphunziro omwe mwaonera akuchuluka koma mulibe failo ngakhale imodzi yomwe mwapanga nokha. Satifiketi yongosonyeza kuti munakhalapo pa kosi siikweza 1 kufika pa 2, pokhapokha olemba ntchito atatchula satifiketiyo ndi dzina.

Kosi yolipira iganizireni pa mzere wachitatu uja, wa pulogalamu ya akaunti, chifukwa n'kovuta kuiyesera panokha ngati mulibe. Musanalipire, onani kuti zilengezo zanu zikutchula iti kwambiri, ndipo mufunse ngati wophunzira aliyense amakhala pakompyuta yake n'kulowetsa yekha mainivoisi. Masabata aja akatha, konzaninso sivi, muiyese ndi zilengezo zomwe zija ndi muyezo womwe uja, kenako musankhe zoperewera ziwiri zotsatira.