Kagetsi ka fyuluta ya dizilo kakuphethira pa Hilux

"Akuluakulu, pa Hilux yanga ya dizilo, D-4D, kagetsi ka fyuluta kayamba kuphethira kuyambira dzulo. Koma injini ikukoka bwinobwino. Ndingayendebe mpaka tsiku la sevisi?"

Ayi achimwene, musadikire sevisi. Khetsani madzi amene ali mu fyuluta lero, galimoto isananyamuke ulendo wina. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo sifuna sipanala.

Poyamba onetsetsani mmene kakuyakira. Pa ma Hilux ambiri a D-4D, kakamaphethira ndiye kuti madzi achuluka pansi pa fyuluta. Kakangoyaka osaphethira, nthawi zambiri fyulutayo yatsekeka ndipo ikufunika kusintha. Kabuku ka galimoto yanu kamafotokoza zimenezi, chifukwa mitundu ina imasiyana.

Madzi ndi olemera kuposa dizilo: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pomwe ya dizilo ndi magalamu 830 kapena kupitirirako pang'ono. Choncho akalowa mu fyuluta amadikha pansi, dizilo n'kumadutsa pamwamba. Pansipo pali kachipangizo kamene kamamira mu dizilo koma kamayandama m'madzi. Madzi akakwera amakanyamula, ndiye kagetsi kaja kamaphethira. Injini ikukokabe bwino chifukwa madziwo sanayambe kudutsa, koma malo owasungira ndi ochepa kwambiri. Akadzadza, otsatirawo amapita ku pampu ndi ku mainjekita.

Kumeneko ndiye kuli ndalama. Pampu ndi mainjekita sizilandira oyilo wa mu injini, zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Tayala la galimoto timapopa mabaa awiri kapena atatu, koma pampu ya D-4D imakankha dizilo kupitirira mabaa 1,000, kudutsa m'timipata tosaoneka ndi maso. Madzi satereretsa chitsulo. Amachotsa kamafuta kaja, zitsulo zimayamba kukhulana, ndipo galimoto ikagona masiku angapo mkatimo mumachita dzimbiri. Tizitsulo tonyenyeka mu pampu timayenda ndi dizilo mpaka ku mainjekita onse anayi. Mukayamba kuona injini ikuvuta kulira m'mawa, ikunjenjemera ikangoima, ikutulutsa utsi woyera kapena ikufooka pachitunda, ndiye kuti mwina madzi adutsa kale.

Kakhetsedwe kake nkotere. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, zimitsani injini, tsegulani boneti. Fyuluta ili ndi kapampu kodina ndi dzanja pamwamba pake, ndipo chakumunsi kuli kapulagi ka pulasitiki. Tcherani botolo loonekera mkati, lodulidwa pakati, kuti muone zimene zikutuluka. Ngati pali kamlomo, lumikizanipo kapayipi kuti dizilo asadonthere pa mawaya. Masulani kapulagiko ndi zala, kuzungulitsa kawiri kapena kawiri ndi theka basi. Mukapitirira apo madzi amatulukira m'mbali mwa pulagi. Kenako dinani kapampu kaja mobwerezabwereza. Poyamba mutuluka madzi, mwina akuda kapena a dzimbiri, kenako dizilo woyera. Woyerayo akayamba kutuluka, mangani kapulagi ndi zala zomwezo. Pulayazi ayi: pulasitikiyo imasweka msanga, ndipo kamphira kake kakaphwanyika fyuluta imayamba kukoka mpweya. Dinaninso kapampu mpaka kalimbe, lizani injini, muone ngati kagetsi kazima komanso ngati pansi sipakudontha.

Botolo lija musafulumire kulitaya. Lisiyeni lidikhe mphindi zingapo. Mukaona mzere woonekeratu, madzi pansi dizilo pamwamba, fyuluta yagwira ntchito yake. Dizilo akaoneka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, madzi asakanikirana naye ndipo mu thanki muli ambiri. Mukaona zonanda zakuda, ndi tizilombo timene timaswana pamene madzi akumana ndi dizilo, ndipo timatseka fyuluta yatsopano m'kanthawi kochepa. Zikatero, kapena kagetsi kakabwerera patangopita masiku ochepa, kukhetsa kokha sikukwana. Makaniko atsitse thanki, aitsuke, asinthenso fyuluta.

Pakangotuluka dizilo woyera popanda dontho la madzi koma kagetsi kosazima, vuto lili pa kachipangizo koyandama kaja, kamene kamakanirira ndi litsiro, kapena pa mawaya ake. Amakaniko ena amangozula pulagi ya mawayawo kuti kagetsi kazime. Musalole zimenezo, chifukwa tsiku limene madzi adzadzadze palibe chidzakuuzeni.

Ganiziraninso kumene munathira komaliza. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ambiri timagula wa m'zigubu ndi m'migolo, ndipo mgolo wogona pamvula umalowa madzi pa chitsekerero. Wotereyu muzimusiya adikhe usiku umodzi, muthire wapamwamba, wapansi weniweni mumusiye. Thanki yokhalitsa ndi dizilo wochepa nayonso imachita thukuta mkati usiku kukazizira. Nyengo ya dzinja muzikhetsa kamodzi pamwezi ngakhale kagetsi kasanayake.