Deresi limodzi, makamera awiri, mitundu iwiri

"Ndinajambula ukwati ku Mufakose ndi Sony pa S-Log3, mphwanga ankajambula ndi iPhone. Mu DaVinci Resolve za Sony zatuwa, za foni zikuwala mothobwa m'maso, deresi la mkwatibwi kwina loyera kwina lachikasu. Nditani?"

Achimwene, musayambe ndi kupotokola mawilo a mitundu, mungotopa. Makamera awiriwa sanasunge kuwala mofanana. S-Log3 imatuwitsa dala kuti isataye za mumdima ndi zowala kwambiri, pomwe iPhone kuyambira pa 12 imajambula HDR ngati simunazimitse. Ndiye poyamba zonse zibwere pa Rec.709, muyezo wa mitundu wa mavidiyo wamba.

Pa nodi ya kilipu ya Sony ikani Color Space Transform. Input Color Space sankhani S-Gamut3.Cine ngati ndi yomwe inali mu kamera, Input Gamma ikhale S-Log3. Ya foni ikani Rec.2020 ndi Rec.2100 HLG. Zonse zituluke Rec.709, Gamma 2.4. Apa pokha kutuwa kwatha.

Kenako sankhani shoti imodzi ya Sony yooneka bwino, pamene pali deresi, suti yakuda ndi nkhope, muikonze, mupange Grab Still, zina zonse muzilinganiza ndi imeneyi. Maso musawakhulupirire kwambiri chifukwa amazolowera msanga, mukayang'anitsitsa deresi lachikasu pakapita kanthawi mumaliona loyera, ndiye tsegulani Parade.

Parade imayala kufiira, kubiriwira ndi buluu pambalipambali, kuchokera 0 mpaka 1023. Chinthu choyeradi chimafika pamlingo umodzi konse kutatu. Tinene pa Sony deresi lili cha pa 850 konse, koma pa foni kufiira kuli 930, kubiriwira 900, buluu 800. Buluu waperewera, nchifukwa chake chikasu chija. Kankhirani Temp kumbali ya buluu mpaka kufiira ndi buluu zikumane, kubiriwira kukatsalira kokha m'mwamba kapena pansi ndi ntchito ya Tint, mukatero tsitsani Gain zonse zifike 850. Suti ya mkwati muilinganize ndi Lift, koma isagunde 0, apo ayi mapindo a nsalu asowa.

Nkhope ndiye ndimakhalitsapo. Pa Vectorscope yatsani Show Skin Tone Indicator. Khungu lathu lakudali nalonso limagona pafupi ndi mzere umenewu, ndipo likapendekera kobiriwira munthu amaoneka ngati wadwala. Foni imakonda kuwalitsa nkhope n'kukometsa mitundu mopitirira, choncho tsitsani Gamma ndi Saturation pang'ono mpaka azakhali akhale munthu mmodzimodzi pa makamera onse.

Zokongoletsa zija, kaya mukufuna kufunda kwa dzuwa lamadzulo, zibwere pamapeto pa nodi ya Timeline kuti zigwire makilipu onse kamodzi.

Pomwe deresi laphwatalala ngati mzere pamwamba pa Parade n'kukhalabe choncho ngakhale mutsitse Gain, pamenepo panapsa, lesi sibwereranso, ingodulirani ku Sony. Ukwati wotsatira zimitsani HDR Video pa foni, yatsani Lock White Balance kuti mtundu usamasinthe pakati pa shoti, ndipo nonse mujambule pepala limodzi loyera mukangolowa mu holo kuti mudzalinganizirepo mitundu.